Kudula mawu ongodzaza malo: mmene sikiripiti ya masekondi 64 ingatsikire pa 30

Sikiripiti ya vidiyo yaifupi kapena ya uthenga wa pawailesi imayezedwa ndi wotchi. Mukapatsidwa masekondi 30, ndi omwewo basi, ndipo mawu alionse amene mwalemba akudya nawo nthawi imeneyo, kaya akunena kanthu kaya ayi. Ambiri zolemba zikawatalikira amangoyamba kuwerenga mothamanga. Zotsatira zake womvera amamva munthu akupuma wefuwefu, mfundo osaigwira. Chofunika ndi kudula, ndipo kudulako kuli ndi ndondomeko yake. Tiyenda nayo pogwiritsa ntchito sikiripiti imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Nayi sikiripitiyo mmene inalembedwera koyamba. Ikufotokoza chifukwa chake timaona mphezi tisanamve bingu, ndipo ikuyenera kukwana masekondi 30.

"Moni nonse, takulandirani m'vidiyo yathu ya lero. Lero tikambirana nkhani yofunika kwambiri imene anthu ambiri amadzifunsa, yomwe ndi yokhudza mphezi ndi bingu. Monga mukudziwa, nthawi ya mvula timaona kung'anima kaye, kenako patapita kanthawi ndi pamene timamva kugunda. Ndiye chomwe chimachitika kwenikweni ndi chakuti kuwala kumathamanga kwambiri zedi kuposa mmene phokoso limathamangira. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Izi zikutanthauza kuti ngati mukufuna kudziwa mtunda umene mphezi yagwera, mukhoza kuchita kuwerenga masekondi kuchokera pamene mwaona kung'anima mpaka pamene mwamva kugunda, ndipo masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Ndiye basi, mwachidule ndi zimenezo."

Mulibe bodza mmenemu, ndipo papepala ikuoneka yaifupi. Ili ndi mawu 102 okha.

Choyamba, yezani musanadule

Musakhudze liwu lililonse musanadziwe zinthu ziwiri: liwiro lanu polankhula, ndi kuchuluka kwa zimene mwalemba.

Pali lamulo limene limatchulidwa kawirikawiri lakuti munthu amawerenga mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Lamulo limeneli linachokera ku Chingerezi, kumene mawu ambiri ndi aafupi. Mukalitsatira pa sikiripiti yathuyi, lingakuuzeni kuti mawu 102 atha m'masekondi pafupifupi 41. Mungapusitsike nalo. M'Chichewa liwu limodzi monga "limathamangira" limanyamula zambiri, ndipo kulitchula kumatenga nthawi yofanana ndi ya timawu tating'ono tingapo. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga maphatikizo m'malo mowerenga mawu. Si ntchito yovuta: pafupifupi paliponse pamene pali a, e, i, o kapena u pali phatikizo limodzi. Wonjezerani m amene amaima payekha m'mawu ngati "mtunda", "mpaka" ndi "m'nyumba", chifukwa nayenso amatenga nthawi yake pakamwa.

Tsopano tengani foni, tsegulani wotchi yoyezera masekondi, ndipo werengani mokweza ndime iliyonse imene mwaiwerengera maphatikizo. Werengani ngati mukuuza munthu amene wakhala patsogolo panu, osati chamumtima, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Chitani katatu, mutenge nthawi yapakati. Gawani maphatikizo ndi masekondi. Pa chitsanzo chathu tiyerekeze kuti mwapeza maphatikizo 5 pa sekondi. Wanu ukhoza kukhala mulingo wina, ndipo umenewo ndi umene muyenera kugwiritsa ntchito.

Sikiripiti yathu ili ndi maphatikizo 318. Pa liwiro la 5 pa sekondi, amenewo ndi masekondi pafupifupi 64, kupitirira kawiri nthawi imene tapatsidwa, ndipo sitinawerengerepo kupuma. Pa masekondi 30 aja chotsanipo 4 opumira komanso opatsa womvera mpata womeza mfundo. Atsala 26. Chulukitsani ndi 5, mupeza 130. Ndiye kuti tiyenera kuchoka pa 318 kufika pa 130. Lembani nambala imeneyi pamwamba pa tsamba kuti izikuyang'anani.

Sungani kope la sikiripiti yoyambirira pambali. Podula, khwatchani mzere pa mawuwo m'malo mowafufutiratu, chifukwa ena mudzawafunanso.

Chachiwiri, chotsani ziganizo zathunthu

Musayambe ndi timawu. Kusalaza chiganizo chimene pamapeto pake muchitaya n'kutaya nthawi. Funsani chiganizo chilichonse funso limodzi: womvera akachiphonya, wataya chiyani?

Moni ndi kulandira anthu kuja kuli ndi maphatikizo 19. Chiganizo chachiwiri, chimene chikulengeza zimene tikambirane, chili ndi 40. Pamodzi ndi 59, kutanthauza masekondi pafupifupi 12 womvera asanaphunzire chilichonse. Pa vidiyo ya masekondi 30, imeneyo ndi nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo munthu amene ali ndi foni m'manja amakhala atadutsa kale. Chiganizo chachiwiricho chilinso ndi vuto lina: chikuuza munthu kuti nkhaniyi ndi "yofunika kwambiri" m'malo momuonetsa. Ngati ndi yofunika, adziwa yekha akaimva. Zonse ziwiri zichoke. Chomaliza chija, "Ndiye basi, mwachidule ndi zimenezo", ndi kutsanzika kwa munthu amene sakudziwa pothera. Maphatikizo ake 13 apitenso.

Ena zimawavuta kuchotsa moni, amaona ngati n'kupanda ulemu. Mu pulogalamu ya mphindi 20 moni ali ndi malo ake, musamuchotse. Mu uthenga wa masekondi 30 ulemu umene womvera amauyamikira ndi kusamutayitsa nthawi.

Tachotsa 72, tatsala ndi 246. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mayina akuti "mphezi" ndi "bingu" anali m'chiganizo chimene tatayacho. Tikangosiya choncho, sikiripiti iyamba kukamba za kung'anima ndi kugunda osanena kuti n'chiyani chikung'anima. Nthawi zonse mukataya chiganizo, yang'anani ngati munali dzina kapena mfundo imene ziganizo zotsatira zikudalira, muisamutsire kwina.

Chachitatu, sakani mawu ongodzaza malo

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo mawu oterewa amabwera m'mitundu ingapo.

Mtundu wosavuta kuuona ndi wa mawu okonzekera kulankhula. Tikamacheza timawagwiritsa ntchito kuti tipeze nthawi yoganiza: "monga mukudziwa", "tinganene kuti", "ndiye kuti", "chomwe chimachitika ndi chakuti", "izi zikutanthauza kuti", "ndikufuna ndikuuzeni kuti". Pocheza alibe vuto. Koma mu sikiripiti munaganiza kale pamene mumalemba, ndiye palibe chifukwa choti womvera adikirenso. Taonani chiganizo chachinayi chija. "Ndiye chomwe chimachitika kwenikweni ndi chakuti" ndi maphatikizo 17, masekondi oposa atatu, ndipo mfundo imayamba pa liwu lotsatira, "kuwala". Njira yowagwirira ndi iyi: phimbani ndi chala chiyambi cha chiganizo mpaka pa "kuti" kapena "chakuti" woyamba. Ngati chotsalacho chikuima pachokha, zimene mwaphimbazo n'zosafunika. "Monga mukudziwa" ndiye amalakwa mbali zonse ziwiri: ngati munthu akudziwa, mukumuuziranji, ndipo ngati sakudziwa, mwamuchititsa manyazi.

Mtundu wachiwiri ndi mawu otsindika: kwambiri, zedi, ndithu, kwenikweni, kwabasi. Wolemba amaganiza kuti akuwonjezera mphamvu, koma akaunjikana amafooketsana. "Kumathamanga kwambiri zedi kuposa" sikuposa "kumathamanga kuposa" pa tanthauzo. Ine lamulo langa n'lakuti mu sikiripiti yaifupi "kwambiri" aoneke kamodzi, pamalo pamene mukufunadi kuti mawu akwere. Ngati mukulemba pa kompyuta, dinani Ctrl+F, mulembe "kwambiri", muone kuti abwera kangati. Chitaninso chimodzimodzi ndi "ndiye", "kwenikweni", "basi" ndi "chabe". Munthu aliyense ali ndi timawu take timene amatikonda osadziwa. Mukatizindikira, tilembeni penapake, muzitisaka pa sikiripiti iliyonse.

Mtundu wachitatu ndi wobisika, ndipo umadya nthawi yambiri kuposa inayo. Ndi kuzungulira mneni m'malo momutchula. "Mukhoza kuchita kuwerenga" ndi maphatikizo 10, pamene "werengani" ndi 4. Chizolowezi chimenechi chimachokera m'makalata a m'maofesi ndi m'malipoti. "Kuchita kafukufuku" ndi "kufufuza". "Kupereka thandizo kwa" ndi "kuthandiza". "Ali ndi kuthekera kochita" ndi "angachite". "Pofuna kuonetsetsa kuti" nthawi zambiri ndi "kuti" yekha. Mukaona "kuchita", "kupanga" kapena "kupereka" atatsogola dzina, funsani ngati palibe mneni mmodzi amene angagwire ntchito ya onsewo. Chilankhulo chathu chimatithandizanso pamenepa chifukwa mneni amatha kunyamula nthawi ndi zifukwa mkati mwake. "Pamene mwaona" akhoza kukhala "mukaona", "nthawi imene mphezi ikung'anima" akhoza kukhala "mphezi ikang'anima".

Pomaliza pali kunena chinthu kawiri. "Kenako patapita kanthawi ndi pamene" ndi njira zitatu zonenera kuti chinachake chabwera pambuyo. "Kuposa mmene phokoso limathamangira" akubwereza mneni amene wanenedwa kale. "Kuposa phokoso" akukwana. "Pa sekondi imodzi" ndi "pa sekondi".

Tikatsatira zimenezi, chiganizo chachinayi chimachoka pa maphatikizo 45 kufika pa 14: "Kuwala kumathamanga kuposa phokoso." Chachitatu, titabwezeramo mayina aja, chikhala "Mphezi ikang'anima, bingu limachedwa kumveka", maphatikizo 16 m'malo mwa 41. Ndikuwonjezerapo kafunso, "Chifukwa chiyani?", ka maphatikizo 6. Wina anganene kuti kameneka nakonso n'kongodzaza malo. Ine ndikukasunga chifukwa kakugwira ntchito imene chiganizo cha maphatikizo 40 chija chimayesa kugwira: kuuza womvera zimene akudikira.

Chachinayi, manambala

Manambala amanamiza maso. Papepala 340 ndi timalembo titatu, koma pakamwa "mazana atatu ndi makumi anayi" ndi maphatikizo 13. Nayenso 300,000, "zikwi mazana atatu", ndi 8. Ngakhale muwatchule m'Chingerezi monga ambiri amachitira, atenga nthawi yoposa imene akuonetsa papepala. Choncho mu sikiripiti lembani nambala iliyonse m'mawu, ndendende mmene mukaitchulire pa maikolofoni, kenako muiwerengere.

Chiganizo chachisanu chili ndi maphatikizo 70, masekondi 14. Mukachotsa "imodzi" awiri aja chimangotsika kufika pa 64. Kudula timawu sikungachipulumutse, ndiye tiyenera kufunsa kuti womvera achita nawo chiyani manambalawa. Khutu silingayerekezere makilomita 300,000 ndi mamita 340 chiganizo chikudutsa; miyezo yake ndi yosiyana, ndipo munthu sangabwerere m'mbuyo ngati mmene amachitira powerenga buku. Chimene akufunika kutola n'chakuti kuwala kumafika mosachedwa, pamene phokoso limayenda pang'onopang'ono moti mungaliwerengere nthawi. Pa mamita 340 pa sekondi, kilomita imodzi imatenga masekondi pafupifupi atatu. Nambala imeneyo ndi imene munthu angaikumbukire komanso kuigwiritsa ntchito, ndipo inali kale m'chiganizo chachisanu ndi chimodzi. Tiisamutsire kuno:

"Kuwala kumatifika nthawi yomweyo, koma phokoso limatenga masekondi pafupifupi atatu kuti liyende kilomita imodzi."

Amenewa ndi maphatikizo 46. Ngati ndi vidiyo, manambala akuluakulu aja mukhoza kuwalemba pa sikirini. Chimene chithunzi chikuonetsa, pakamwa pasachibwereze.

Tsopano taonani zimene zachitika. Chiganizo chokongola chija, "Kuwala kumathamanga kuposa phokoso", chimene tinachikonza bwinobwino, chayamba kunena zimene chiganizo chatsopanochi chikunena kale. Zimapweteka, koma chichoke. Izi zimachitika kawirikawiri: mukakonza mzere umodzi, woyandikana nawo umatha ntchito. N'chifukwa chake mukasintha malo amodzi muziwerenganso kuyambira pamwamba.

Chiganizo chachisanu ndi chimodzi, cha maphatikizo 90, n'chotalika moti simungachimalize ndi mpweya umodzi. Chimenecho pachokha ndi chizindikiro. "Izi zikutanthauza kuti" akhale "choncho". "Ngati mukufuna kudziwa mtunda umene mphezi yagwera" achoke, chifukwa chitsanzo chimodzi chionetsa cholingacho bwino kuposa kuchilengeza. Tichigawe pawiri: "Choncho mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mutamva kugunda", maphatikizo 27, ndi "Mukafika pa sikisi, mphezi yagwa makilomita awiri kuchokera pamene muli", maphatikizo 29.

Mawu amene amaoneka ngati odzaza malo koma sali choncho

Munthu akazolowera kudula, dzanja limayabwa, ndipo apa ndi pamene sikiripiti zambiri zimawonongeka. Taonani "pafupifupi" amene tamusiya uja. Ali ndi maphatikizo 5, sekondi yathunthu, ndipo n'zokopa kumuchotsa. Koma liwiro la phokoso limasinthako ndi kutentha kwa mpweya, ndipo kilomita imodzi siitenga masekondi atatu ndendende. Mukamuchotsa mwasintha choonadi cha chiganizo. Chimodzimodzi mawu monga "ena", "nthawi zina", "mwina" ndi "angathe". "Mankhwalawa angathandize anthu ena" ndi "mankhwalawa amathandiza anthu" si uthenga umodzi. Muyezo wake ndi uwu: mukachotsa liwu, kodi chiganizo chikunenabe zoona zomwezo? Ngati chayamba kulonjeza zoposa zimene mukudziwa, libwezereni. Ingomutchulani kamodzi, m'chitsanzo cha makilomita awiri sitinamubwereze chifukwa womvera wamva kale kuti tikuyerekeza.

Alumikizi nawonso asiyeni: koma, chifukwa, choncho, komabe. Ndi aafupi, ndipo ndi amene amauza khutu kuti mfundo ikukhota kapena ikupitirira. Chotsani "koma" m'chiganizo cha kuwala ndi phokoso, mumva mfundo ziwiri zongoima moyandikana, osati kusiyana kwake. Sikiripiti imene yadulidwa mopitirira muyezo imamveka ngati mndandanda wa mitu ya nkhani. Chiganizo chilichonse n'choona, koma womvera sakudziwa chifukwa chake chabwera pambuyo pa chinzake.

Kubwereza dzina nakonso si kulakwa nthawi zonse. Wowerenga akaona "iyo" kapena "chimenechi" amatha kukweza maso n'kupeza chimene chikunenedwa. Womvera sangathe. M'chiganizo chomaliza tabwereza "mphezi" ngakhale kuti "yagwa" akanakwana pa malamulo a chilankhulo, chifukwa padutsa ziganizo zitatu chitchulireni dzinalo.

Ndipo ngati mukulemba sewero, nkhani ndi ina. Munthu wa m'sewero amene akuti "ndiye kuti, eee, tinganene kuti ndalama zija..." akutiuza kuti akuzemba kapena akuchita mantha. Pamenepo mawu ozungulirawo ndiwo mfundo. Funso likhala lomwe lija, womvera ataya chiyani, koma yankho lake lasintha.

Chachisanu, phatikizani, werengani mokweza, yezaninso

Tikaphatikiza 16, 6, 46, 27 ndi 29 tikupeza 124. Tatsala ndi maphatikizo 6 pa 130 aja. Simukukakamizidwa kuwadzaza, koma funsani ngati pali chinthu chothandiza chimene sikiripiti yoyamba inalibe. Pano chilipo: munthu amene akumva bingu ali pafupi mokwanira kuti mphezi ingamufike. "Lowani m'nyumba" ndi maphatikizo 6. Sikiripiti yonse tsopano ili motere:

"Mphezi ikang'anima, bingu limachedwa kumveka. Chifukwa chiyani? Kuwala kumatifika nthawi yomweyo, koma phokoso limatenga masekondi pafupifupi atatu kuti liyende kilomita imodzi. Choncho mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mutamva kugunda. Mukafika pa sikisi, mphezi yagwa makilomita awiri kuchokera pamene muli. Lowani m'nyumba."

Masamu akuti masekondi 26 olankhula ndi 4 opuma. Koma masamu ndi oyerekezera chabe, woweruza ndi wotchi. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikafika pothera chiganizo kapena popumira. Tchulani "kumveka" pakati pa chiganizo, kenako mumutchule pamapeto, mumva "mve" atatalika. Ndiye kuti sikiripiti ya ziganizo zifupizifupi zambiri imatenga nthawi yochulukirapo kuposa imene maphatikizo akuonetsa. Kudula chiganizo chimodzi kukhala zitatu kumathandiza kumveka, koma sikufupikitsa nthawi.

Jambulani mawu anu pafoni, mumvetsere osayang'ana pepala. Pamene lilime lapunthwa, ikani chizindikiro; kawirikawiri pamakhala mawu awiri ofanana kamvekedwe atagundana, kapena chiganizo chimene chatalika kuposa mpweya wanu. Pamene maganizo anu ayamba kuyendayenda mukumvetsera, pamenepo patsala mawu osagwira ntchito. Ikani kamzere kopendekera pamene mukufuna kupuma, makamaka pambuyo pa funso lija ndi pambuyo pa nambala, chifukwa mpata umenewo ndi umene womvera amaganizira. Kenako mvetseretsani munthu amene sanaione sikiripitiyo, kamodzi kokha, ndipo musamufunse ngati yamusangalatsa. Mufunseni kuti, "Mukawerenga mpaka naini, mphezi ili kutali bwanji?" Akayankha kuti makilomita atatu, mfundo yafika. Akasowa choyankha, mwadula chinthu chimene chimafunika, ndipo kope loyamba lija likuthandizani kupeza kuti n'chiti.

Wotchi ikaonetsa masekondi 32, musathamangitse lilime ndipo musadye nthawi yopuma. Masekondi awiri ndi maphatikizo 10, ndipo mu sikiripiti yathuyi alipo oti angachoke popanda kusintha tanthauzo. "Kuchokera pamene muli" ali ndi 9, ndipo chiganizo chikhoza kukhala "mphezi yagwa pa mtunda wa makilomita awiri", chimene chikupulumutsa 4. "Chifukwa chiyani?" ali ndi 6, kuphatikizapo kupuma kumene kumamutsatira. Yambani ndi kusintha koyambako, muyezenso, ndipo funsolo mulichotse pokhapokha ngati wotchi ikukanabe.